Anati ndalama za malata anakasiya ku hadiweya, koma m'kope mulibe dzina lathu

Mayi a Mapasa: Anzanga ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira. Ine ndi bambo akunyumba tikumanga kanyumba ku Lumbadzi, khoma linatha, chatsala ndi denga. Za malata tinkasunga mu akaunti yawo. Ine ndikapindula pa kaunjika ndinkawapatsa, iwo n'kuwonjezera za malipiro. Zitakwana K900,000 anandiuza kuti akasiya ku hadiweya, malata tidzatenga mmisiri akakhoma mitengo. Sabata yatha ndinadutsako kukafunsa ngati mtengo sunasinthe. Mnyamata wa pakauntala anasanthula kope lonse, dzina lathu mulibe. Nditawafunsa kunyumba anayamba akana, kenako n'kuvomera kuti K400,000 anatumiza kumudzi, apongozi atadwala komanso fizi ya mlamu wanga. Za K500,000 yotsalayo amangoti zinapita mu zinthu zina ndi zina. Apepesa, mpaka kugwada. Banja sindikufuna kulithetsa. Koma panopa akangoti "ndagula magetsi" ndimafuna kuona meseji. Ndingawakhulupirirenso bwanji?

Mtsikana wa ku Zomba: Mayi pepani koma "zina ndi zina" ndi dzina la mkazi. K500,000 siingasowe chonchi. Tengani foni yawo usiku muone amene amamutumizira.

Wakabaza wa ku Mchesi: Nanunso mukuthamanga. Munthu wathandiza mayi ake omubereka akudwala, mwati chibwenzi? Amayi inu thokozani kuti ndalama zinapita kwa apongozi, osati ku bala. Ife amuna tili pa mpanipani, foni ikalira kuchokera kumudzi sungayankhe kuti dikirani ndikafunse madamu.

Mayi a Mapasa: Achimwene, akanandiuza kuti amayi adwala sindikanakana. Chaka chatha ndinawatumizira ndekha thumba la feteleza. Chikundipweteka n'choti anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ndalipira, mpaka kunditchulira mtundu wa malata, kuti ndasankha obiriwira. Mwezi ndi mwezi ndakhala ndikuuza ana kuti tikusamuka mvula isanayambe.

Msungichuma wa banki mkhonde: Mayi a Mapasa, ine ndimasunga kope la gulu lathu ku Bangwe, ndipo nkhani ngati yanu zimafika pa mkeka wathu kawirikawiri, maka nthawi yogawana. Funso lanu loti muwakhulupirira bwanji lafulumira, chifukwa simunadziwebe chimene mukukhululuka. Mukudziwa K400,000 basi. Munthu akagwidwa amavomera gawo lokhala ndi ulemu, ngati matenda a mayi, n'kusunga lochititsa manyazi. Ndiye inu mukakhululuka lero, mwezi wamawa kutuluka china, mukhululukanso, kenako china. Chimene chimapha banja n'chimenecho, kumva zoona pang'onopang'ono, chifukwa nthawi iliyonse mumayambiranso pa ziro ndipo kupepesa kwawo kumatha mphamvu.

Ndiye choyamba, zonse zituluke kamodzi, pa pepala. Apite nanu ku banki akapemphe sitetimenti kuyambira mwezi umene munayamba kusunga. Apemphenso ya ndalama za pafoni, mwini nambala amapita ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso cha unzika. Mameseji a mufoni musawadalire, amafufutika. Mutengenso pepala la malipiro la kuntchito muone ngati palibe ngongole imene akudulidwa ndalama zisanafike ku akaunti. Ndifunse chimodzi: khadi lawo la ku banki mwaliona liti komaliza?

Mayi a Mapasa: Ii, khadi anati linamezedwa mu makina. Papita nthawi ndithu, amangoti sanapeze mpata wokatenga lina.

Msungichuma wa banki mkhonde: Ndimaganiza. Sindikunena kuti ndi zimenezo, koma a katapila ambiri amasunga khadi ndi nambala yake yachinsinsi, ena mpaka chiphaso cha unzika, kuti tsiku la malipiro akatape okha. Muonenso ngati kumapeto kwa mwezi amatuluka panja kukayankha foni, ndiponso ngati malipiro amachedwa mwezi uliwonse pamene anzawo akuntchito alandira. Mukawafunsa musati "kodi muli ndi ngongole?" chifukwa yankho lake ndi ayi. Muti "tilembe aliyense amene muli naye ngongole, ndi zingati." Muwauzenso poyera kuti chimene anene tsiku limenelo mudzachilandira ngakhale chikhale choipa bwanji, koma chimene mudzachipeze nokha pambuyo pake ndiye nkhani ya ankhoswe.

Mlangizi wa mumpingo: Mwana wanga, mawu a msungichuma ndi abwino koma kutengera mwamuna ku banki ngati mkaidi kumachotsa ulemu. Itanani ankhoswe, ntchito yawo ndi imeneyi. Munthu wagwada, wapepesa. Kukhululuka sikukhala ndi lisiti.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Amayi alangizi, ndi ulemu wonse, ankhoswe ndalama za malata sabweza. Adzabwera, adye nkhuku, anene kuti banja ndi kupirira, azipita. Komanso nkhoswe ya mwamunayo mwina ndi malume ake omwe anadya nawo K400,000 ija. Ine ndikuona kuti kukhululuka ndi kwina, kukhulupirira ndi kwina. Kukhululuka mayiwa akhoza kuchita usiku uno. Kukhulupirira kumafuna kuona miyezi ikudutsa zonenedwa zikufanana ndi zochitika.

Wa ku Joni: Nkhaniyi yandikhudza. Ine ndili ku Cape Town, ndinkatumiza ndalama pa Mukuru mwezi uliwonse zomangira nyumba ku Mangochi. Akazi anga ankanditumizira zithunzi, njerwa, mchenga, khoma likukwera. Nditapita pa Khirisimasi ndinapeza maziko okha, udzu utamera pakati. Zithunzi zija zinali za nyumba ya aneba. Ndalama zinapita ku bizinesi ya nsomba ya achimwene awo imene inagwa. Sitinasiyane. Koma kuyambira pamenepo ndalama ya simenti ndimatumiza kwa mwini shopu, ya mmisiri kwa mmisiri, fizi ku akaunti ya sukulu. Iwo amalandira ya ndiwo basi. Nyumba inatha, ili ndi siling'i. Mayi a Mapasa chitani chimodzimodzi, landani khadi, muziwapatsa ya minibasi.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Achimwene a ku Joni, papita zaka zingati?

Wa ku Joni: Zinayi zikukwana.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Ndiye nyumba munamanga, koma zaka zinayi mkazi akulandira ya ndiwo yokha ndi chilango chopanda tsiku lotuluka. Mudziwa bwanji kuti anasintha ngati simunawagwiritsepo ndalama ina iliyonse?

Wa ku Joni: Aphunzitsi, inu simunagonepo anthu asanu m'chipinda chimodzi kuti mutumize ndalama kumudzi. Amene analumidwa ndine.

Mayi a Mapasa: Ndabweranso. Ndinachita monga ananenera a msungichuma. Ana atagona ndinaika kope ndi cholembera pa tebulo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kulemba okha. Ndi katapila ndithu. Anakongola K200,000 nthawi imene kumudzi ankamanga chiliza cha malemu apongozi aamuna, abale onse anasonkha ndipo iwo anachita manyazi kunena kuti alibe. Chiwongola dzanja ndi K100,000 pa mwezi. Alipira miyezi inayi, K400,000, koma K200,000 ija idakalipo yonse chifukwa amangolipira chiwongola dzanja. Khadi lili kwa munthuyo. Akatapa pa malipiro, iwo ankatseka dzenjelo ndi ndalama za malata kudzera pafoni kuti ine ndisaone kuti malipiro aperewera. K100,000 yotsala akuti sakukumbukira. Chibwenzi akukana, ndipo mu sitetimenti ya banki imene tinakatenga dzulo sindinaone dzina lachilendo lobwerezabwereza. Anzanga ena akuti ndikongole ku banki mkhonde yathu ndikatseke katapilayo, poti kwathu chiwongola dzanja ndi K20 pa K100.

Mtsikana wa ku Zomba: K100,000 imeneyo ndiye ya mkazi uja. Ine ndanena.

Msungichuma wa banki mkhonde: Achemwali a ku Zomba, K100,000 pa miyezi ingapo imatha ndi mayunitsi, chipisi cha masana, mabotolo awiri Loweruka ndi kabetcha ka mpira. Munthu amene ali ndi ngongole yobisa amawononga mosawerengera chifukwa amaopa kuyang'ana zotsala. Chibwenzi chimaoneka mu sitetimenti ya pafoni, nambala imodzi yolandira pafupipafupi. Mayi akaitenga adzaona okha.

Za kukongola ku gulu, Mayi a Mapasa, ine ndikukana. Masamu ake ndi abwino, K20 pa K100 ndi yochepa kuposa K50 pa K100. Koma ngongoleyo ikhala m'dzina lanu. Akalephera kukupatsani, amayi a gulu adzabwera kudzanyamula belo lanu la kaunjika, osati nsapato zawo. Ndaona ndi maso anga mayi akutuluka pa tsiku logawana chimanjamanja, masheya ake onse atapita ku ngongole imene anatengera mwamuna. Chinanso, mukawachotsera mtolowu inuyo, mwawalanda njira yokhayo imene ali nayo yokuonetsani kuti asintha. Ngongole anaipanga okha, aitseke okha, inu mukhale mboni.

Afunse kuntchito ngati angawapatse K200,000 ya malipiro a mtsogolo, kapena ku SACCO ngati ali membala. Tinene kuti kuntchito avomera kumadula K50,000 pa mwezi kwa miyezi inayi. Apite kwa wa katapila tsiku la malipiro lisanafike, atatenga K200,000 yonse m'manja, ndi mboni yachimuna, mwina mlongo wanu. Apemphe kuti chiwongola dzanja cha mwezi uno achotse kapena achepetse, poti wadya kale K400,000. Ena amavomera akaona ndalama pa tebulo, ena amakana. Akakana, alipire, athane naye. Alembe kapepala koti ngongole yatha, asayine onse, khadi ndi chiphaso zibwere. Ndipo tsiku lomwelo apite ku banki akatsekese khadi lakalelo n'kutenga lina. Osangosintha nambala yachinsinsi, lina ndithu.

Wakabaza wa ku Mchesi: Apa ndagwirizana nazo. Koma muone gwero lake. Chiliza, matenda, fizi, zonse ndi za kumudzi. Mukapanda kukonza pamenepo adzanamanso, osati chifukwa ndi woipa, koma foni ija idzaliranso.

Msungichuma wa banki mkhonde: Apa a kabaza mwalasa. Bajeti imene ilibe mzere wa kumudzi ndi bajeti yabodza. Mayi, malipiro awo ndi angati, lendi ndi zingati?

Mayi a Mapasa: Amalandira K480,000 akadula msonkho. Lendi K120,000. Chakudya, makala, magetsi ndi madzi zimadya pafupifupi K170,000. Za ana kusukulu ndi zovala zimachokera ku kaunjika wanga.

Msungichuma wa banki mkhonde: Ndiye tiwerenge. Akadula K50,000 ya kuntchito kutsala K430,000. Kuchotsa lendi ndi za pakhomo kutsala K140,000. Pamenepo K40,000 ikhale ya kumudzi, yodziwika, yotumizidwa nonse mukuona. K40,000 ina ikhale ya m'thumba mwawo, ndipo imeneyo musadzafunse konse kuti yapita kuti. K60,000 ndi ya malata. Miyezi inayi ikatha mwasunga K240,000, ngongole ya kuntchito yatha, ya malata yakwera kufika K110,000 pa mwezi. K660,000 yotsala itha pa miyezi isanu ndi umodzi. Yonse pamodzi miyezi khumi.

Ya m'thumba ija ena aziona ngati kumulekerera, koma ndi imene imagwira dongosolo lonse. Mwamuna wamkulu amene ayenera kufotokoza K2,000 ya kumeta amayamba kunama pa tinthu tating'ono, ndipo inu mukagwira bodza laling'onolo mtima umabwerera ku malata. Mukamupatsa gawo losafunsidwa, chotsala chonse chimakhala chofunsika popanda mkangano.

Ndalama ya malata isakhalenso mu akaunti ya munthu mmodzi. Tsegulani ya nonse yofuna kusayina awiri potapa, kapena, chimene ine ndingachite, muzigula malata angapo mwezi uliwonse n'kukasunga kwa munthu wodalirika, lisiti muzisunga inu. Kumbukirani Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anasunga ndalama za zomangira anadzuka zitachepa mphamvu, amene anali atagula kale anapuma. Pachifukwa chomwecho, chimene bambowa akuyenera kubweza ndi malata amene mmisiri analemba, osati K900,000. Mtengo ukakwera, miyezi khumi ija italika, ndipo zimenezo azidziwe lero.

Mlangizi wa mumpingo: Ndamva masamu onsewa. Koma ndifunse amayi nonse muli pano, ndani alibe kandalama komanga pa nsonga ya chitenje kamene bambo sakudziwa? Ife tinalangizidwa choncho, kuti mwana akadwala usiku usasowe pogwira. Ndiye tikamafuna sitetimenti ya mwamuna, yathu tionetsa?

Mphunzitsi wa ku Dedza: Funso labwino amayi. Ine ndimati mwamuna adziwe kuti kalipo, asadziwe kuti ndi kangati. Kusunga kwa mayi sikunagwetse denga la munthu. Koma ngati Mayi a Mapasa akufuna kuona pepala la malipiro, nawonso kope la kaunjika liziikidwa pa tebulo lomwelo, apo ayi zikhala za polisi ndi wakuba.

Wa ku Joni: Ayi, asaonetse kaye. Munthu amene wangotuluka kwa katapila ukamuonetsa pamene pali ndalama ndiye wamupatsa njira. Adikire chaka.

Mayi wa ku Kasungu: Pepani ndilowereko. Anga amatenga ndalama zanga za mandasi mokakamiza, ndikakana amaphwanya mbale, tsiku lina anandikankhira ku khoma. Ndiye ndiwapangire bajeti yomweyi?

Msungichuma wa banki mkhonde: Ayi mayi, yanu ndi nkhani ina. Zimene tikukambazi zimagwira kwa munthu amene wavomera ndipo akulola kuonetsa mapepala. Kwa inu ndi nkhanza, ndipo lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limawerengera ndi nkhanza za pachuma zomwe. Pitani ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, mutengane ndi m'bale wanu. Musawaikire kope pa tebulo muli awiri okha.

Mayi a Mapasa: Kuntchito avomera, koma akuti adula K70,000 miyezi iwiri ndi K60,000 mwezi wachitatu, osati miyezi inayi, ndiye ya malata ichepa poyamba. Kwa katapila anapita ndi achimwene anga. Anakana kuchotsa chiwongola dzanja chonse, anatenga K50,000. Khadi labwera, latsopano tikatenga Lolemba. Koma mtima wanga sunakhale pansi. Dzulo anachedwa kubwera, ndinapezeka ndikuwerenga mayunitsi a magetsi pa mita kuti ndione ngati anaguladi a K10,000. Analidi a K10,000. Ndinachita manyazi, koma mawa ndidzawerenganso. Zimenezi zimatha?

Mphunzitsi wa ku Dedza: Zimachepa, koma zimachepa msanga ngati iwo ayamba kuonetsa musanafunse. Auzeni choncho. Akagula magetsi akutumizireni meseji ija okha. Malipiro akalowa akuonetseni okha. Mukafunsa inu, yankho lolondola silikhazika mtima, chifukwa mumati wandionetsa poti ndafunsa. Komanso sankhani tsiku limodzi pa mwezi, la malipiro, lokamba za ndalama ndi za bodza lija. Masiku enawo musamalitchule pa mkangano wa mchere kapena wa ana. Munthu akaona kuti ngakhale achite bwino mlandu umadzukabe tsiku lililonse, amasiya kuyesetsa.

Msungichuma wa banki mkhonde: Ndiwonjezere za momwe mungadziwire ngati zikuyenda. Musayang'ane mwezi umene zonse zili bwino. Yang'anani mwezi umene kwagwa vuto, kumudzi kwachitika maliro kapena apongozi adwalanso, ndipo K40,000 siikukwana. Akabwera n'kunena kuti "kwachitika zakuti, akufuna K90,000, titani," ngakhale akudziwa kuti mukwiya, ndiye kuti munthu wasintha. Koma tsiku limenelo inunso musawakalipire mpaka kudandaula kuti ananeneranji. Zoopsa ndi izi: kukwiya mukafunsa zimene munagwirizana, kunena kuti "mpaka liti" mwezi woyamba womwe, foni yachiwiri, kapena khadi kusowanso. Ndipo ikani malire. Mwachitsanzo denga likatha, kusayina awiri kutsale pa ndalama zazikulu zokha, mameseji a magetsi asiye. A ku Joni ananena zoona kuti wolumidwa ndiye amadziwa ululu, koma dongosolo lopanda mapeto nanunso lidzakutopetsani.

Wakabaza wa ku Mchesi: Nanga apongozi auzidwa kuti kuyambira pano ndi K40,000? Chifukwa akangoona ndalama zachepa adzati mkazi wamudyetsa mwana wawo.

Mayi a Mapasa: Pamenepo ndiye tasemphana. Ine ndikufuna awauze okha mayi awo ndi azichemwali awo kuti ndalama ankatumiza zija zinali za denga ndi za katapila. Iwo akuti zimenezo n'kuwavula pagulu, angonena kuti zinthu zavuta kuntchito.

Mlangizi wa mumpingo: Asiyeni anene za kuntchito. Mayi wokalamba mumuuze kuti chiliza cha mwamuna wake chinamangidwa ndi katapila, mukufuna adwalenso?

Mphunzitsi wa ku Dedza: Ndiye tikonza bodza ndi bodza lina, amayi? Ndipo kumudzi akadzafunsa kuti kuntchito zinatheka, adzayankha chiyani? Za katapila akhoza kusiya, koma anene kuti tikumanga, ndingakwanitse zakuti pa mwezi, ndipo ndaganiza ndine. Mawu oti "ndaganiza ndine" ndi amene ateteze Mayi a Mapasa.

Mayi a Mapasa: Ndiwauza zimenezo usiku uno, kuti aimbe foni ine ndili pomwepo. A msungichuma, akaunti ya anthu awiri ija amafuna chiyani potsegula? Ndipo mlamu wanga fizi ya teremu ikubwerayi ichokera pa K40,000 yomweyo kapena tiikire pena?

Msungichuma wa banki mkhonde: Mupite nonse ndi ziphaso zanu za unzika, zina akakuuzani pa kauntala poti banki iliyonse ili ndi zofuna zake. Munene momveka kuti mukufuna yosayina nonse awiri, chifukwa iliponso ya anthu awiri imene aliyense amatapa yekha. Za fizi, funsani kaye kuti ndi zingati pa teremu ndipo abale enawo akusonkha zingati. Mukadziwa, mugawe ndi miyezi ya teremu, mubwere nazo pano tione ngati zikulowa mu K40,000.